Giyabokosi ya konveya ikamadontha ndi kutentha: kusintha oyilo ndi zolemba m'lipoti la shifiti

Pa konveya pali vuto lina limene limabwerabwera, ndipo limakula chifukwa cha zimene sizinalembedwe m'buku losiyirana ntchito. Giyabokosi yoyendetsa lamba imayamba kunyowa pa silu, karaba kozungulira shafuti kotchinga oyilo kuti asatuluke. Wa shifiti yamasana akaona kudonthako amathiramo oyilo pang'ono, wausiku naye akapeza pansi pada amawonjezera, ndipo palibe amene amalemba kuti wathira wochuluka bwanji. Pakapita milungu giyabokosiyo imakhala yosagwirika ndi kutentha. Ndiye wina amasintha oyilo yense, n'kulemba mzere umodzi: "Oyilo wasinthidwa, zili bwino." Mwezi usanathe, pansi padanso.

Nthawi zambiri silu imene ikudontha siyolakwa ayi. Cholakwa ndi chopumira, kapulagi kamene kamakhala pamwamba pa giyabokosi. Magiya akayamba kuzungulira, mpweya wa mkati umatentha n'kufufuma, ndipo uyenera kutulukira pachopumiracho. Pa konveya pamachuluka fumbi, ndiye timabowo ta chopumira timatsekeka. Nthawi zina amachimata ndi penti popenta makina, kapena giyabokosi inabwera yatsopano ili ndi karaba kotseka chopumira kuti oyilo asatayike pa ulendo, ndipo palibe amene anakachotsa. Mpweya ukasowa potulukira umakankha oyilo kudzera pa silu, chifukwa silu wamba ya pa shafuti sinapangidwe kuti izipirira mphamvu ya mpweya. Munthu akawonjezera oyilo, malo a mpweya amachepa, magiya amamira kwambiri n'kumavundula oyilo m'malo mongomunyambita, ndipo kuvundulako kumabweretsa kutentha ndi thovu. Thovulo limafika pachopumira, limachinyowetsa, fumbi n'kukakamira. Choncho kuthira kulikonse kumakulitsa kudontha kumene wothirayo amafuna kukuthetsa.

Umboni wa zonsezi umaoneka tsiku losintha oyilo, koma kwa mphindi zochepa chabe. Mukapukuta maginito otola tizitsulo a pa pulagi yapansi, kutaya oyilo wakale m'diramu la zotayidwa ndi kutsuka chopumira, umboni wapita. Chimatsala ndi chimene mwalemba.

Musanazimitse makina

Yambani ndi kuyeza konveya ikuyenda ili ndi katundu, itagwira kale ntchito maola angapo. Yezani kutentha pamalo atatu: m'munsi mwa giyabokosi momwe mumakhala oyilo, pa beringi ya shafuti yochokera ku mota, ndi pa beringi ya shafuti yopita ku pule, chigudumu chimene chimakoka lamba. Ikani kadontho ka penti pamalo aliwonse kuti wobwera pambuyo panu akayeze pomwepo. Choyezera kutentha chongolozera patali chimanama pachitsulo chonyezimira, ndiye lozani pamalo opentedwa. Lembaninso maampu amene mota ikukoka, ndi kutentha kwa tsikulo, popeza 70°C ya usiku wozizira si yofanana ndi 70°C ya masana otentha.

Kenako lekani lamba athe katundu yense, muzimitse, mukhome loko yanu pa swichi yaikulu, ndipo muyese kuyatsa kuti mutsimikize kuti magetsi adukadi. Pa konveya yokwera mtunda zimenezi n'zofunika kawiri, chifukwa katundu wotsala pa lamba amafuna kubwerera kumunsi, ndipo chimene chikumugwira ndi bakisitopu, chipangizo choletsa lamba kubwerera m'mbuyo, kapena buleki basi.

Oyilo amatuluka bwino akadali wofunda, zinyalala zisanadikhe pansi. Koma wa 80°C amasupula khungu, ndiye dikirani mpaka giyabokosi ifike poti mungaigwire ndi dzanja. Podikirapo pukutani fumbi lonse lozungulira mapulagi.

Zinthu zinayi zimene simudzazionanso

Choyamba ndi phokoso la pulagi yothirira. Imasuleni pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Mukamva kuti psii, mpweya ukutuluka, dziwani kuti chopumira chinatsekeka. Giyabokosi yopuma bwino siichita phokoso lililonse mukaitsegula.

Chachiwiri ndi mlingo wa oyilo wakale. Anthu ambiri amathamangira pulagi yapansi, koma yambani mwamasula pulagi ya mlingo, ya pambali ija. Ngati oyilo angofika pakamwa pa bowo, mlingo unali bwino. Akatuluka mothamanga, anali wochuluka, ndipo mulandireni m'chotengera kuti mudziwe kuchuluka kwake. Ngati pali kagalasi koonera oyilo, musakakhulupirire msanga kakakhala kakuda konse. Kagalasi kodzaza mpaka pamwamba ndi kagalasi kothimbirira ndi oyilo wakale timaoneka chimodzimodzi.

Chachitatu ndi oyilo weniweniyo. Muthireni m'chotengera choyera, cholembedwa malita, osati m'ndowa imene munatsukiramo zitsulo dzulo. Tengani pang'ono m'botolo loyera pamene oyilo ali pakati potuluka, osati woyambirira amene amabwera ndi matope a pansi. Oyilo wakuda, wolemera, wonunkha mopserera ndiye kuti wakhala akutentha kwa nthawi yaitali. Wotuwa, wosaonekera mkati, ali ndi madzi, kapena thovu limene silinathe. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: thovu limatha botolo likakhala kanthawi, pamene oyilo wa madzi amathetheka mukadontheza pachitsulo chotentha kupitirira pamene madzi amawira. Mukaona tinthu tonyezimira mwachikasu, umenewo ndi mkuwa, ndipo maginito sautola. Umachokera pa giya yamkuwa ngati giyabokosiyo ndi ya mtundu umenewo, kapena pa khola logwira timipira ta beringi.

Chachinayi ndi maginito a pa pulagi yapansi. Apa m'pofunika kudekha. Pa maginito aliwonse pamakhala kamatope kotuwa, kosalala mukakapekesa pakati pa zala, ndipo kameneko ndi kutha wamba kwa chitsulo. Chimene mukufuna ndi chokhakhala: tizidutswa tosalala tonyezimira, kapena tosongoka timene timaimirira pa maginito n'kukubayani chala. Tizidutswa totero tabenthuka pa mano a giya kapena pa msewu wa beringi. Jambulani maginitowo musanapukute, muikepo lula pambali kuti kukula kwake kudziwike, ndipo tizitsuloto mutikulunge m'kapulasitiki.

Pothira watsopano, werengani kapuleti ka pa giyabokosi, osati chigubu chimene chili pafupi. Magiyabokosi ambiri a konveya amafuna oyilo wa magiya wa `ISO VG 220` kapena `ISO VG 320`, koma nambalayi, imene imasonyeza kulemera kwa oyilo, payokha sikwanira. Oyilo wopangidwa ndi makemikolo wa mtundu wa `PAG` sasakanizika ndi oyilo wamba, ngakhale nambala zitafanana. Malita olembedwa pa kapuleti ndi okuthandizani kudziwa oyilo wotenga ku sitolo ya zipangizo, koma woweruza ndi pulagi ya mlingo. Thirani mpaka oyilo aonekere pabowolo, dikirani kuti wokakamira m'makoma atsike, muonenso. Chenjezo limodzi: pulagi ya mlingo imadalira mmene giyabokosi yakhalira. Giyabokosi imodzimodziyo ikaikidwa chogona, choimirira kapena chopendekera, mlingo wake umasintha, ndipo chopumira chimayenera kukhala pabowo lapamwamba. Ngati inasamutsidwa kuchokera pa makina ena, tsegulani buku la wopanga musanathire.

Lipoti lake

Tiyeni titenge chitsanzo cha konveya yokwera mtunda, ya mota ya 15 kW yozungulira maulendo 1460 pa mphindi, ndi giyabokosi yochepetsa liwiro ka 25. Manambalawa ndi a chitsanzo ichi chokha, musawatenge ngati malire a makina anu. Makaniko wa masana akulembera mnzake wa usiku motere:

"Akulu, konveya yachitatu ndaisintha oyilo wa giyabokosi lero. Inaima 9:40, yayambanso 11:15. Chonde werengani zonse musanaiyandikire ndi chigubu.

"Isanaime, ili ndi katundu: pansi pa giyabokosi 84°C, beringi ya ku mota 88°C, beringi ya ku pule 76°C. Mota imakoka maampu 23, pa kapuleti ndi 29. Kunja kunali 28°C. Malo oyezera ndaika penti yachikasu.

"Pomasula pulagi yothirira mpweya unatuluka. Chopumira chinali chotsekeka ndi fumbi lonyowa oyilo, ndaikapo chatsopano. Pa pulagi ya mlingo panatuluka malita oposa 2. Onse pamodzi ndatulutsa malita 11.5, pamene kapuleti kakunena 9. M'buku lino mulibe amene analemba kuti anawonjezera. Oyilo wakale ndi wakuda, wonunkha mopserera, wa thovu, koma alibe madzi. Botolo lake lili mu kabati, ndalembapo tsiku.

"Pa maginito panali kamatope ka masiku onse, komanso tizidutswa 6 tonyezimira, takukula pafupifupi mamilimita 1 mpaka 2. Chithunzi ndapereka kwa a folomani, tizidutswato tili pamodzi ndi botolo. Maginito ndapukuta, ndiye chilichonse chodzapezekapo ndi chatsopano.

"Ndathira malita 9 a `ISO VG 220`, oyilo wamba, mpaka pa pulagi ya mlingo. Itayenda mphindi 15 ndinaimitsa, ndinadikira, mlingo uli pomwepo. Silu ya ku pule sindinaisinthe. Ndangopukuta pouma, ndaika katoni yoyera pansi pake.

"Nthawi ya 14:30, itayenda maola atatu ndi katundu: pansi 67°C, beringi ya ku pule 63°C, koma beringi ya ku mota 79°C. Maampu 22. Kumbali ya mota kukumveka kulira kokhakhala kosalekeza, kunalipo ndisanasinthe oyilo ndipo sikunathe. Kapuling'i yolumikiza mota ndi giyabokosi sindinaione, chotchinga chake sindinatsegule.

"Pempho langa: musawonjezere oyilo ngakhale katoni ikanyowa, ingolembani kukula kwa dontho ndi nthawi. Yezani malo atatu aja maola awiri aliwonse. Tagwirizana ndi a folomani kuti beringi ya ku mota ikafika 90°C, kapena ikakwera ndi madigiri 10 pa ola limodzi, kapena kulira kukasanduka kugogoda, muimitse konveya ndipo muwaimbire."

Lipoti limeneli ndi lalitali kuposa mzere umodzi uja, koma palibe chiganizo chimene chingachotsedwe osataya kanthu. Taonani mmene manambala akulankhulira. Malita 11.5 m'malo mwa 9, pamodzi ndi mpweya wa pa pulagi, akufotokoza kudontha ndi kutentha kwa giyabokosi yonse. Kutsika kwa pansi kuchoka pa 84°C kufika pa 67°C kukutsimikiza kuti vutolo linalidi oyilo wochuluka. Maampu sanasinthe kwenikweni ndipo ali pansi pa a kapuleti, ndiye lamba sakulemera mopitirira.

Koma pali vuto lachiwiri limene loyambalo linabisa. Isanasinthidwe oyilo, beringi ya ku mota inkaposa pansi pa giyabokosi ndi madigiri 4 okha, ndipo palibe akanaikayikira. Tsopano ikuposa ndi madigiri 12. Beringi ya shafuti yothamanga imatenthererapo ndithu kuposa inzake, zimenezo si zachilendo, koma apa kutenthako kwabwera limodzi ndi kulira kokhakhala ndi tizidutswa pa maginito. Zizindikiro zitatu zikuloza mbali imodzi. Oyilo watsopano sangabwezeretse chitsulo chimene chabenthuka kale. Angathe kungochepetsa phokoso kwa masiku ochepa, ndipo apa m'pamene anthu amapusitsika n'kulemba kuti vuto latha.

Mwaonanso kuti wolembayo sananene kuti "beringi yafa". Sanaitsegule, ndiye walemba zimene waona, wamva ndi kuyeza, n'kunenanso zimene sanachite. Ine mzere wa zosachitika ndimauona wofunika kuposa wa zochitika. Akanapanda kulemba kuti kapuling'i sanaione, wa usiku akanaganiza kuti inaonedwa, chonsecho mota ndi giyabokosi zikapanda kuyang'anizana bwino, beringi yoyamba kuvutika ndi yomweyi ya ku mota. Chizindikiro chake ndi fumbi lakuda la raba pansi pa chotchinga cha kapuling'i, kapena mabawuti a miyendo ya mota olekera. Kusintha beringi osakonza zimenezo n'kungoyambanso ulendo womwewo.

Za silu, kuisiya kunali koyenera. Mpweya wa mkati ukapeza potulukira, silu zambiri zimasiya kudontha zokha, koma simungadziwe ngati simunapukute pouma, chifukwa oyilo wakale wokakamira pachitsulo amapitiriza kutsetsereka kwa masiku. Ikapitiriza kudontha chopumira chili bwino ndi mlingo uli bwino, ndiye kuti mlomo wa raba unauma ndi kutentha kuja, kapena unadya kamzere pa shafuti. Yendetsani chikhadabo pamene silu imakhudza. Chikakola, silu yatsopano idzadonthanso pokhapokha muikhazike posiyana pang'ono ndi kamzereko kapena muvale shafutiyo kasilivi. Silu imadonthanso ngati beringi ya pafupi nayo yalekera n'kumalola shafuti kugwedera.

Zizindikiro zikakhala zina

Si nthawi zonse pamene kutentha kumatsika. Ngati mlingo uli bwino, chopumira chili bwino, koma giyabokosi yonse ikutenthabe, yang'anani maampu. Akakwera poyerekeza ndi masiku ena pa katundu yemweyo, vuto lili kunja kwa giyabokosi: marola ouma amene lamba akungokhulapo, katundu wotayikira amene waunjikana pansi pa pule yakumchira, kapena lamba wokhula pachitsulo cha m'mbali. Lamba wokokedwa kwambiri amavutitsa maberingi a pule, ndipo ngati pule yakhala pa shafuti ya giyabokosi, beringi ya kumeneko ndi imene imatentha. Maampu akakhala a masiku onse, onani ngati fumbi silinakute giyabokosi mpaka kutseka mizere yake yoziziritsira, ngati fani ikukoka mpweya, ndiponso ngati oyilo wothiridwayo si wolemera kuposa wofunika. Kutentha kotere sikofunika kukulekerera ngakhale makina akuyenda bwino. Lamulo lodziwika pa oyilo wamba n'lakuti akapitirira cha m'ma 60°C, madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula moyo wake pakati.

Phokoso nalo lili ndi kalembedwe kake. Mawu akuti "ikusokosa" sathandiza aliyense. Ngati ndi kugogoda, tengani wotchi muwerenge kangati pa mphindi. Pa konveya ya chitsanzo chathu, 1460 kugawa ndi 25 kukupatsa pafupifupi 58, ndiye shafuti ya ku pule imazungulira pafupifupi kamodzi pa sekondi. Kugogoda kwa liwiro limenelo kukuchokera pa shafutiyo: dzino lobenthuka pa giya yomaliza, kiyi wolekera, kapena chinthu chokakamira pa pule. Kugogoda kobwera patalipatali, kamodzi lamba akazungulira yense, ndi mfundo ya lamba ikudutsa pa pule kapena pa chopalira, ndipo giyabokosi ilibe mlandu. Zochokera ku shafuti ya mota simungaziwerenge ndi khutu, chifukwa imazungulira maulendo oposa 24 pa sekondi, zimangomveka ngati kulira kumodzi kosaduka. Giyabokosi yopachikidwa pa shafuti ya pule ikamadumpha poyatsa, onani maraba a pa mkono umene umaigwira kuti isazungulire.

Oyilo akatuluka ndi madzi, lembani kumene mukuganiza kuti alowera, ndipo munene kuti n'kuganiza chabe. Kawirikawiri ndi paipi yotsukira makina yolozetsedwa pa chopumira kapena pa silu, mvula, kapena chinyezi chimene giyabokosi imakoka ikamazizira usiku. Pamenepa kusintha oyilo kamodzi sikukwanira ngati polowera madzi sipanatsekedwe.

Wolandira shifiti nayenso ali ndi mbali yake. Manambala ake alembedwe pansi pa a mnzake, malo omwewo, ndi nthawi yake, kuti amene adzatsegule buku m'mawa aone ngati 79°C ija yaima kapena ikukwera. Ikaima pomwepo usiku wonse, ntchito ya beringi ingathe kudikira tsiku loimitsa makina, zipangizo zitaitanitsidwa kale, ndipo pa tsikulo oyilo atulutsidwe m'chotengera choyera kuti maginito aonedwenso. Tizidutswa tatsopano tikapezekapo patangopita masiku ochepa chipukutireni, giyabokosiyo itsegulidwe kapena ichotsedwe, isayatsidwenso. Ndipo ngati mlingo watsikadi mpaka pofunika kuwonjezera, wothirayo aimitse makina, ayeze pa pulagi ya mlingo, athire wa mtundu womwewo, n'kulemba malita amene wathira ndi dzina lake.